Momwe mungatulutsire mawu m'satifiketi yosikanidwa, ndi kugwira zomwe kompyuta yawerenga molakwika

Satifiketi mukaisikana imasanduka chithunzi basi. Simungakopemo dzina kapena nambala ya mayeso kuti muike pa fomu yofunsira malo ku yunivesite. Njira ya OCR ndiyo imayang'ana chithunzicho, n'kuzindikira zilembo, n'kuzilemba ngati mawu oti mutha kuwakonza. Ndikuonetsani ndi satifiketi ya MSCE ya mwana wa achemwali anga, yomwe tinagwira sabata yatha kunyumba ku Chinamwali.

Ntchito yambiri ili pa kusikana. Mukapita pamalo osikanira m'tauni muno, auzeni kuti aike 300 dpi, ndipo pepala ligone mowongoka pagalasi. Ngati mukujambula ndi foni, yalani satifiketi patebulo pafupi ndi zenera, foni iyang'ane pansi molunjika, ndipo musayatse kuwala kwa kamera. Ambirife satifiketi tinazimata pulasitiki kuopa chinyezi cha kuno ku Zomba, ndiye kuwalako kukagunda pulasitikiyo kumasiya banga loyera lomwe limameza zilembo. Ife tinajambula katatu tisanapeze chithunzi chopanda banga.

Kenako lowani mu Google Drive pa kompyuta, kwezani fayiloyo, kaya ndi JPG, PNG kapena PDF. Isapose 2 MB. Dinani pa fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Open with, kenako Google Docs. Pakapita kanthawi mutseguka tsamba latsopano lokhala ndi mawu omwe kompyuta yawerenga. Apa mpofulumira, ndipo mpomwe anthu ambiri amaimira, kuganiza kuti zatha.

Kompyuta siidziwa kuti ikuwerenga satifiketi, imangofanizira maonekedwe a zilembo. N'chifukwa chake imasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l kapena I, 5 ndi S, 8 ndi B. Chilembo m chikafufutika pang'ono chimagawika kukhala rn: patsamba lathu dzina la Zomba linatuluka kuti Zornba, ndipo ndi maso otopa simungaone kusiyana. Mawu a Chingerezi imawayeserako bwino, koma maina athu ndi manambala ilibe powayerekezera, choncho kumeneko ndiko muyang'anitsitse. Pomwe padutsa chidindo kapena siginecha pamatuluka zilembo zosamveka, fufutani n'kulemba nokha.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi magiredi. Maphunziro ali mbali ina, magiredi mbali ina, koma OCR nthawi zambiri siisunga mizere yotere. Inatilembera maphunziro onse motsatizana, manambala n'kuwaunjika pansi pake paokha. Mukalumikiza mothamanga, giredi ya Biology ipita ku Geography. Ikani satifiketi yeniyeni pambali, chala chikhale pamzere umodzi, mulembe phunziro ndi giredi yake musanasunthe.

Titamaliza tinawonkhetsa mapointi. Papepala mtsikanayu ali ndi 4, 2, 7, 3, 3 ndi 5, zomwe zikukwana 24. Pakompyuta zinakwana 18. Kusiyana kwa 6 kunatilozera pa Mathematics, pomwe 7 inawerengedwa ngati 1. Pa MSCE giredi 1 ndiyo yapamwamba kwambiri, pomwe 7 ndi kungokhoza chabe. Tikanatumiza fomu ili choncho, oyang'ana akanati mwanayo wanama dala, chikhalirecho sanakhudze kanthu. Chonde wonkhetsani kawiri, papepala ndi pakompyuta. Dziwani kuti kuwonkhetsaku sikugwira magiredi osinthana malo, ndiye chala chija musachisiye.

Pa nambala ya mayeso ndi chaka pali kanjira kena. Dinani Ctrl+F, lembani nambalayo mukuiwerenga papepala. Ikapanda kupezeka, ndiye kuti penapake pali nambala yolakwika kapena pabisala chilembo m'malo mwa nambala, monga 2O22 m'malo mwa 2022. Sankhaninso mawu onse muwaike mu Consolas, chifukwa m'kalembedwe kameneka ziro amakhala ndi kamzere pakati ndipo saoneka ngati O. Ngati muli awiri, wina awerenge papepala mokweza nambala imodziimodzi, wina azitsatira pakompyuta.

Mawu mwatulutsawa si satifiketi. Ndi othandiza podzaza fomu kapena polemba kalata yofunsira ntchito, koma akafuna umboni mupereke chithunzi chosikanidwa chija kapena kope yotsimikizidwa. Mukapeza kuti cholakwika chili papepala lenilenilo, monga dzina lolembedwa mosiyana ndi la pachitupa, musakonze nokha pakompyuta. Kafunseni ku ofesi ya MANEB, yomwe ili konkuno ku Zomba. Ndipo ngati munagwiritsa ntchito kompyuta ya pamalo osikanira, fufutanimo fayilo yanu, muchotsenso mu Recycle Bin, mutuluke mu akaunti yanu ya Google musanadzuke pampando.