Momwe mungawerengere liwiro lothawira dziko, ndi kumvetsa kamzere ka mainasi kaja

Mwala mukauponya kumwamba umabwerera. Koma lilipo liwiro loti mwala ukanyamuka nalo subwereranso mpaka kalekale, ndipo mutha kulipeza nokha ndi kakuleta. Pano chikoka ndi kukoka kumene dziko limakokera zinthu, pomwe nyonga ndi ija imayezedwa m'majuli, omwe mwachidule timalemba J. Kutsekereza kwa mpweya tikusiye pambali.

Choyamba, sankhani poyika ziro wa nyonga ya chikoka. Ambiri amasokonezekera pomwepa. Kusukulu tinazolowera mgh, kutanthauza makilogalamu kuchulukitsa ndi chikoka ndi kutalika, pomwe ziro ali pa nthaka ndipo kukwera kulikonse kumawonjezera nyonga. Zimenezo zimagwira ntchito pafupi ndi nthaka pokha, chifukwa chikoka chimafooka mukamatalikira: mukachoka pakati pa dziko mtunda wowirikiza kawiri, chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye akatswiri amayika ziro kutali kopanda malire, kumene chikoka chatheratu.

Tsono taganizani bwino. Kuti mwala uchoke pa nthaka ukafike kutali kuja, uyenera kupatsidwa nyonga ulendo wonse, popeza dziko likuukokera mmbuyo. Ngati ukufika pa ziro utachita kuwonjezeredwa, ndiye kuti unayambira pansi pa ziro. N'chifukwa chake nyonga ya chikoka imalembedwa ndi mainasi, ndipo tanthauzo la mainasiyo ndi lomweli basi. Ali ngati ngongole: mwala uli ndi ngongole kudziko, ndipo sungamasuke usanaibweze yonse. Ine ndimaona kuti munthu akamvetsa apa, zotsalazo ndi masamu wamba.

Chachiwiri, werengani kukula kwa ngongoleyo.

```
U = −GMm / r
```

U ndi nyonga ya chikoka ija, G ndi nambala yosasintha ya chikoka, 6.674 × 10⁻¹¹, M ndi makilogalamu a dziko lapansi, 5.972 × 10²⁴, m ndi makilogalamu a mwala, ndipo r ndi mtunda wochokera pakati penipeni pa dziko. Pa nthaka, r ndi mamita 6,371,000. Samalani kwambiri apa: r si kutalika kuchokera pa nthaka, komanso ayenera kukhala m'mamita. Mukaika makilomita, yankho lisokonekera ka 1,000. Pa mwala wa kilogalamu imodzi mupeza pafupifupi −6.26 × 10⁷ J.

Chachitatu, funsani kuti ndi liwiro lanji lomwe lingabweze ngongole yonseyo. Nyonga ya chinthu choyenda ndi ½mv², pomwe v ndi liwiro, ndipo siikhala pansi pa ziro. Mukaphatikiza ziwirizi, chiwerengero chonse sichisintha pa ulendo wonse wa mwala. Kuti ungothawa popanda chotsala, chiwerengerocho chikhale ziro:

```
½mv² − GMm/r = 0
v = √(2GM/r)
```

Onani kuti m wafafanizika mbali zonse. Kamwala kakang'ono ndi chombo chachikulu zimafuna liwiro limodzimodzi. Chosiyana ndi nyonga yozifikitsira pa liwirolo. Wirikizani 6.26 × 10⁷ kawiri, dinani √, ndipo mupeza mamita pafupifupi 11,200 pa sekondi. Amenewo ndi makilomita 11.2 pa sekondi, kupitirira pang'ono makilomita 40,000 pa ola. Pa mwezi ndi makilomita 2.4 okha pa sekondi. Kakuleta ikakana kuwerengera, mwina mwalowetsa mainasi mkati mwa √.

Tsopano yesani ndi mwala wa kilogalamu imodzi woperewera liwiro, chifukwa ndi pamene mainasi amaonetsa ntchito yake. Uponyedwe molunjika kumwamba pa makilomita 8 pa sekondi. Nyonga yake yoyenda ndi ½ × 8,000², yomwe ndi 3.2 × 10⁷ J. Mukaphatikiza ndi −6.26 × 10⁷ J, patsala −3.06 × 10⁷ J. Ngongole ikadalipo, choncho mwalawo ubwerera, ndipo mwadziwa izi musanatsate njira yake n'komwe. Kodi ukafika pati? Pamwamba penipeni umaima kaye, kotero nyonga yonse yotsala ija imakhala ya U yekha. Gawani GM, yemwe ndi 3.986 × 10¹⁴, ndi 3.06 × 10⁷. Mupeza r wa makilomita pafupifupi 13,030, ndipo mukachotsa 6,371 aja, mwalawo wakwera makilomita pafupifupi 6,700. Mukanati mugwiritse mgh, mukanapeza makilomita osakwana 3,300, theka chabe la yankho lenileni, chifukwa mgh amayesa kuti chikoka n'chimodzimodzi ulendo wonse.

Musasokoneze chinthu china ichi: nyonga ya U imakwera mwala ukamakwera, ngakhale ili ndi mainasi. −3 ndi wamkulu kuposa −6, monga momwe wangongole yochepa alili pabwino kuposa wangongole yambiri.

Komanso liwiro la 11.2 lija ndi la chinthu chokankhidwa kamodzi n'kusiyidwa. Roketi sichita kunyamuka nalo pa nthaka, chifukwa injini yake imapitiriza kukankha. Ikazimitsa injini ili kumwamba, bwerezani masamu omwewa ndi r wa pamalo pamenepo. Pa mtunda wowirikiza kanayi kuchokera pakati pa dziko, liwiro lothawira limatsika ndi theka, kufika pa makilomita 5.6 pa sekondi.