Musanasaine ngongole yoyamba: momwe mungawerengere mawu a Chingerezi a papepala la banki

Mapepala a ngongole m'mabanki athu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ambiri timasaina tikungoganiza za ndalama zomwe zilowe muakaunti. Musasaine tsiku lomwelo. Pemphani pepalalo mupite nalo kunyumba, mukhale nalo pansi ndi cholembera. Tiyerekeze kuti mukubwereka K1,000,000 yogulira katundu wa mugolosale, yobweza m'miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha 36 peresenti pachaka, yomwe ndi 3 peresenti pamwezi. Manambalawa ndi ongophunzirira. A banki yanu akuuzani awo.

Yambani ndi kufufuza mawu akuti amotaizeshoni. Amatanthauza kubweza ngongole pang'onopang'ono, pomwe ndalama iliyonse yomwe mwapereka imagawika pawiri: ina ndi chiwongoladzanja, ina ikuchepetsa ndalama yeniyeni yomwe munatenga, imene iwo amati pirinsipo. Auzeni akupatseni ndandanda yake, shedyulo, yosonyeza mwezi ndi mwezi.

Pa ngongole yathuyi muzipereka K100,462 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba, K30,000 ndi chiwongoladzanja, ndipo K70,462 yokha ndiyo ikudula ngongole, kutsala K929,538. Mwezi wachiwiri 3 peresenti ija iwerengedwa pa yotsalayo, ndiye chiwongoladzanja chitsika kufika K27,886. Pofika mwezi womaliza chimakhala K2,926 basi. N'chifukwa chake mukalipira miyezi isanu ndi umodzi, mudzapeza ngongole ikadali pafupifupi K544,000, osati theka. Sanakubereni ayi, miyezi yoyambirira chiwongoladzanja chimadya gawo lalikulupo kusiyana ndi miyezi yomalizira.

Kenako funsani funso lomwe ine ndimaliona lofunika kuposa onse: kodi chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yotsala, kapena pa yonse yomwe ndatenga? Njira yoyambayo amati ridyusing'i balansi, ndipo ndi yomwe tawerengayi. Pomaliza mumakhala mutapereka pafupifupi K205,500 pamwamba pa miliyoni ija. Yachiwiriyo ndi fulati reti: 3 peresenti imawerengedwa pa K1,000,000 mwezi uliwonse, ngakhale mutabweza kale yambiri. Zikatero chiwongoladzanja ndi K360,000, ndipo pamwezi mupereka K113,333. Pa njira zonse ziwiri akuuzani kuti "ndi 3 peresenti", koma kusiyana kwake kukupitirira K154,000. Mukaona pa shedyulo kuti chiwongoladzanja sichikutsika mwezi ndi mwezi, dziwani kuti imeneyo ndi fulati.

Funsaninso ngati retiyo ingasinthe. Mabanki a ku Malawi amatenga reti yoyambira, refarensi reti, n'kuwonjezerapo gawo lawo. Ikakwera, ngongole zambiri zimakwera nayo. Ndipo onani ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshuwalansi, poti nthawi zina amadula musanalandire. Mumalandira yosakwana miliyoni koma mukubweza miliyoni yathunthu.

Tsopano pitani pa kolatero. Ichi ndi chikole, ndipo ena amalemba kuti sekyurite. Chikhoza kukhala nyumba kapena malo a mapepala, galimoto, kapena ndalama zomwe munasungitsa kubanki komweko. Mukalephera kubweza, zomwe amati difoti, banki ikhoza kugulitsa chikolecho. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chikagulidwa motsika osakwanira ngongole, yotsalayo imakhalabe pamutu panu. Werengani kuti pepalalo likuti mwalephera mukadumpha miyezi ingati, ndiponso chindapusa cha kuchedwa ndi chotani. Ngati nyumbayo mumakhalamo ndi banja, kambiranani musanaiike pachikole. M'bale amene akukusainirani ngati galanta adziwenso kuti si mboni chabe: inu mukalephera, wolipira ndi iyeyo.

Pomaliza, ganizirani ngati mukufunikiradi ngongole ya chaka chonse, kapena ovadirafuti. Uku n'kuloledwa kutapa ndalama kupitirira zomwe zili muakaunti yanu, mpaka pamalire omwe mwagwirizana, omwe amati limiti. Chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa yokhayo yomwe mwatapa. Akakupatsani malire a K500,000, inu n'kutapa K200,000 kwa masiku 10 pa 36 peresenti, chiwongoladzanja ndi pafupifupi K1,973, osawerengera ndalama yotsegulira. Ndi yabwino pamene mukudikira kasitomala akulipireni sabata yamawa. Koma ilibe shedyulo yokukakamizani kuti muichepetse, ndipo ndalama iliyonse yolowa muakaunti imayamba yatseka dzenjelo. Ngati mwezi ukutha akaunti isanabwerere pa ziro, kapena mukufuna kugula filiji ya mugolosale yomwe idzabweze ndalama zake pakapita miyezi, pemphani ngongole ya shedyulo.