Mmene mungakonzere sitetimenti ya kubanki musanapemphe viza yokacheza ku UK

Ulendo woyamba anandikana viza ndili ndi K6.2 miliyoni mu akaunti, ulendo wachiwiri anandipatsa ndili ndi ndalama zochepera pamenepo. Ndiye musanathamangire kukabwereka kwa achimwene, tamvani kaye mmene ma ofesala a viza amawerengera sitetimenti.

Choyamba katengeni ya miyezi sikisi. Pa viza yokacheza palibe ndalama yoikika yoti ukhale nayo, si ngati ya sukulu yomwe ili ndi lamulo loti ndalama zikhale masiku 28 osatsika, ndiye ofesala amangoweruza yekha kuchokera pa zomwe mwamupatsa. Kubanki amalipiritsa kupulinta, mapeji akachuluka zimawawa ndithu, komabe musachotsepo peji ngakhale imodzi chifukwa balansi ya kumapeto kwa peji imayenera kugwirizana ndi ya koyambirira kwa peji yotsatira.

Kenako khalani pansi ndi cholembera muiwerenge ngati si yanu. Ofesala sayang'ana nambala ya pansi yokha ayi, amayamba ndi zomwe munalemba pa fomu. Mukati mumalandira K650,000 pamwezi, akufuna aone K650,000 ikulowa mwezi uliwonse cha tsiku lomwelomwelo, kuchokera ku kampani yomwe ili pa peyisilipi. Akatero amaona mmene zimatulukira, lendi, fizi, magetsi, ndi zomwe zimatsala malipiro ena asanalowe. Zotsalazo ndiye mphamvu zanu zenizeni.

Apa ndi pomwe ine ndinagwera. Kwa miyezi isanu akaunti yanga inkatsala ndi K100,000 kapena K150,000 pakutha pa mwezi, kenaka kutatsala masiku naini kuti ndipereke fomu panalowa K6 miliyoni ya keshi kamodzi. Ndalamazo zinali zanga ndithu, ndinagulitsa kagalimoto kanga, wogula anabwera nazo mu jumbo ine n'kukaponya kubanki, mumtima ndikuti basi zatheka. Koma taganizani munthu amene sakukudziwani, akungoona mapepala, ndalama yoposa malipiro a miyezi naini yalowa popanda dzina la wotumiza ndipo palibe chikalata chonena komwe yachokera. Iye amaganiza kuti mwabwereka kuti mukometsere sitetimenti, viza ikangotuluka mubweza kwa mwini wake, chifukwa ambiri amaterodi. Kalata yondikana inati sakukhutira kuti ndalamazo ndi zanga zoti ndingagwiritse ntchito, ndipo inatchula `V 4.2`, ndime ya m'malamulo a viza yokacheza ku UK. Chowawa n'choti samangochotsa K6 miliyoni ija n'kuwerengera zotsala, amayamba kukayika zonse zomwe mwanena, mpaka zoti mudzabwerera kumudzi. Apilo palibe pa viza yokacheza, ndalama ya fomu sabweza, ndipo pa fomu ina iliyonse mumayenera kuvomera kuti munakanidwapo.

Ndiye chitani chonchi, zungulizani ndalama iliyonse yolowa yomwe si malipiro ndipo ndi yokulirapo, iliyonse muipezere pepala lake. Galimoto ikhale ndi kalata ya mgwirizano wogulitsana komanso pepala losinthira umwini la ku Road Traffic, ndipo nambala ndi tsiku zifanane ndi zomwe zili pa sitetimenti, osati kalata ikuti K6.5 miliyoni kubanki kunalowa K6 miliyoni. Wogula muuzeni atumize kudzera kubanki kuti dzina lake lioneke. Ngati ndi za banki mkhonde kapena chipereganyu, pezani kalata ya gulu ndi kope la buku lomwe mumalembamo masheya. A bizinesi omwe ndalama zanu zimadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, katengeninso sitetimenti ya kumeneko. Kalata ikakhala ya m'Chichewa, monga zija za kwa amfumu zogulitsirana malo, imafunika yomasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wolemba dzina lake, tsiku ndi siginecha.

Za ma ejenti omwe amati tikuikirani ndalama mu akaunti kwa sabata ziwiri mutipatse teni peresenti, athaweni, ndi katapila wovala suti ameneyo ndipo akukugulitsani chinthu chomwecho chimene chimakanitsa anthu. Ena amafika pokonza sitetimenti pa kompyuta. Ofesala akhoza kufunsa kubanki, zikapezeka zabodza chiletso chake chimafika zaka 10.

Ngati amene akulipira ulendo ndi mlongo wanu wa ku Leeds ku UK, asakutumizireni ndalama kuti zioneke ngati zanu, alembe kalata yoti alipira ndi iye, aikepo sitetimenti yake ndi umboni wa ubale wanu.

Zotsalazo n'zachidule. Lembani kalata ya peji imodzi, tsiku, ndalama, komwe zinachokera, pepala lake ndi ili. Mtengo wa ulendo pa fomu ukhale wolingana ndi malipiro anu, osati miyezi seveni ya malipiro kuthera pa tchuthi cha sabata ziwiri. Ine ndinadikira miyezi inayi ndalama zija zili phee mu akaunti, ndinachepetsa masiku a ulendo kufika teni, ndinaikapo mapepala a galimoto n'kuperekanso.