Kanema wa HDR akamaoneka wotuwa pa TV: zoti musinthe

Mwajambula ukwati pa iPhone, pafoni diresi la mkwatibwi likuwala bwino, zitenje za chipinda zikuoneka mitundu yake yeniyeni. Koma mutaika kanemayo pa laputopu n'kulumikiza ku TV, zonse zatuwa ngati mwathira phulusa.

Kamera sinalakwe. Kuyambira pa iPhone 12, foni imajambula mu HDR, njira yosunga kuwala kochuluka m'kanema, pokhapokha mutaithimitsa. Kuwala kwa sikirini kumayezedwa m'maniti: kanema wamba anapangidwira sikirini yowala maniti 100, pamene wa HDR nthawi zambiri amakonzedwera maniti 1,000 ndipo amasunga mitundu yambiri. Manambala a m'fayilomo ali ndi tanthauzo lina. Chipangizo chikawawerenga ngati a kanema wamba, zofiira zimazilala, khungu limambuwa.

Yambirani pa TV. Ma TV ambiri salandira HDR pa HDMI mpaka mutawatsegulira nokha, ndipo mumatsegula pa doko lomwe mwalowetsapo chingwe. Pa Samsung funani Input Signal Plus, pa LG HDMI Ultra HD Deep Colour, pa Sony sankhani Enhanced format. Doko ndi chingwe zikhale za HDMI 2.0a kapena kuposa apo.

Kenako pa Windows 11 pitani ku Settings > System > Display > HDR n'kuyatsa Use HDR, kapena dinani Win + Alt + B. Kanema akakhala bwino koma mawindo ena onse atuwa, sunthani SDR content brightness mpaka pepala loyera lioneke loyera osathobwa m'maso.

Chachitatu n'chimene anthu ambiri amachiphonya, ndipo ine ndimachikayikira msanga ndikaona suti yakuda ya mkwati ikuoneka yotuwira. Pali njira ziwiri zowerengera mdima. Ya Full imayambira pa 0 kufika 255, ya Limited imayambira pa 16 kufika 235. Laputopu ikatumiza Limited koma TV ikudikira Full, nambala 16, yomwe inayenera kukhala yakuda bii, imaoneka ngati phulusa. Imitsani kanema pamalo amdima, tsegulani HDMI Black Level pa Samsung kapena Black Level pa LG, n'kusinthasintha. Mukapeza yoyenera suti imada, koma makwinya ndi mabatani ake amaonekabe. Akasowa, mwadetsa mopitirira. Chizindikiro choti vuto ndi limeneli n'chakuti ngakhale kanema wamba amatuwa pa doko lomwelo.

Pali malire ake. Sikirini yolembedwa DisplayHDR 400 kawirikawiri imayatsa nyali yake yonse yakumbuyo nthawi imodzi, ndiye dzuwa likawala pakona, mdima wonse umatuwa nawo. Pa yoteroyo ndi bwino kuthimitsa HDR, pulogalamu yoseweretsa kanema imusinthire yokha kukhala wamba.

Ngati kanema mukujambulira abale amene adzaonere pa zipangizo zakale, pitani ku Settings > Camera > Record Video n'kuthimitsa HDR Video musanayambe kujambula.