Kusandutsa chaputa cha thesisi kukhala pepala lomwe jenolo ingalandire

Amalawi ambiri amene akuchita masitazi kapena PhD ku mayunivesite a Wits ndi UJ kuno ku Joni amafika poti supavaiza wawauza kuti chaputa china chatha bwino, achitumize ku jenolo. Ambiri amangosintha mutu wa fayilo n'kutumiza. Pakapita masiku ochepa pepala limabwerera, ounika asanalione n'komwe, chifukwa ofesi ya mkonzi imayamba yaona ngati latsatira malangizo a olemba. Kafukufuku akhoza kukhala wabwino ndithu, koma chidule chikatalika kapena marefalensi akakhala a mtundu wina, alembi a jenolo amalibweza. Ntchito yokonza siyovuta, koma ili ndi dongosolo lake, ndipo amene amayambira kumarefalensi amaigwira kawiri.

Tiyerekeze kuti muli ndi chaputa chachinayi cha thesisi, chonena za kagwiritsidwe ntchito ka masikito m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Munachilemba motsatira kalembedwe ka APA, chidule chake chili ndi mawu 420, timitu take tili ndi manambala ngati 4.2.1.3, ndipo mukufuna kutumiza ku PLOS ONE. Ndasankha jenolo imeneyi chifukwa malangizo ake ndi omveka ndipo aliyense angawawerenge kwaulere.

Musanakhudze chilichonse, koperani fayilo, ya thesisi muisiye payokha. Kenako tsegulani malangizo a olemba a jenoloyo tsiku lomwelo, muwawerenge mpaka kumapeto, mukulemba papepala chilichonse chomwe chili ndi nambala kapena mawu oti "muyenera". Malangizowa amasintha, choncho musadalire zomwe mnzanu wa mu labu anachita zaka ziwiri zapitazo. Musatengerenso maonekedwe a mapepala osindikizidwa kale, aja okhala ndi mizati iwiri ndi zilembo zing'onozing'ono. Amene aja amakonza ndi osindikiza pepala likalandiridwa. PLOS ONE imanena poyera kuti musatumize zolemba za mizati ingapo.

Yambani ndi timitu, chifukwa ndi pamene ndime zimasamuka. PLOS ONE imafuna tsamba la mutu, kenako Abstract ndi Introduction, pakati Materials and methods, Results ndi Discussion, kumapeto Acknowledgments ndi References. Imalola timitu ta magawo atatu okha: mutu waukulu, kamutu ka pansi pake, ndi kena ka pansi pa kameneko. Kamutu kanu ka 4.2.1.3 kali m'gawo lachinayi mukawerengera mutu wa chaputa. Mutu wa chaputa ukasanduka mutu wa pepala lonse, kamutuko kamakwera n'kukhala ka gawo lachitatu, ndiye kakwana. Ngati muli ndi tina tozama kuposa pamenepo, tichotseni, mawu ake alowe m'chiganizo choyamba cha ndimeyo. Manambala a chaputa achoke onse.

Ngati timitu munangotikulitsa ndi kutidetsa pamanja, ino ndi nthawi yotipatsa `Heading 1`, `Heading 2` ndi `Heading 3` mu Word. Mukatero tsegulani `Navigation Pane` pansi pa `View`, ndipo muona mafupa a pepala lonse kumanzere. Kamutu kosochera kamaonekera pomwepo. Fufuzaninso mawu olozera ku mbali zina za thesisi, monga pamene munalemba kuti njira yosankhira midzi yafotokozedwa m'chaputa chachitatu. Wowerenga jenolo alibe chaputa chachitatu. Ndime imeneyo muyenera kuibweretsa, yofupikitsidwa, pamodzi ndi chiganizo chonena za komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo ndi mmene anthu anaperekera chilolezo. Ndime yobwerayo imabwera ndi marefalensi ake, ndipo n'chifukwa chake marefalensi tiwasiya kaye.

Tsopano chidule. PLOS ONE imalola mawu osapitirira 300, ndipo simuikamo marefalensi. Inu muli ndi 420, ndiye mawu 120 ayenera kuchoka. Njira imene ambiri amatsata ndi yodula kamawu apa, kamawu apo, mpaka chidule chimamveka ngati cha munthu wopuma movutikira. Dulani ziganizo zathunthu. Chidule cha thesisi nthawi zambiri chimayamba ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zofotokoza kuti malungo ndi vuto lalikulu. Ounika pepala la malungo akudziwa kale zimenezo. Siyani chiganizo chimodzi chonena chomwe sichinadziwike, ndi china chonena chomwe munafuna kupeza, ndipo mawu pafupifupi 60 achoka. Pa njira za kafukufuku siyani mtundu wa kafukufuku, malo, nthawi ndi chiwerengero cha anthu. Dzina la pulogalamu yowerengera ndi mmene munaphunzitsira othandiza zili kale mkati mwa pepala. Pamenepo pachoka mawu ena 40. Otsala 20 amapezeka kumapeto, m'chiganizo chija chakuti kafukufuku wina akufunika.

Gawo lomwe simuyenera kulikhudza ndi la zotsatira. Ndimamva chisoni ndikaona wophunzira atasunga mawu oyamba onse n'kuchotsa manambala a zomwe anapeza, chifukwa anthu ambiri adzawerenga chidule chokhacho, ndipo mkonzi amachigwiritsa ntchito posankha ounika. Mukamaliza, sankhani chidule chokha n'kudina `Word Count` pansi pa `Review`. Yesetsani kufika pa 290, osati 300 yeniyeni, chifukwa bokosi lomwe mudzamatemo chidule potumiza likhoza kuwerenga mosiyana pang'ono ndi Word. Yerekezaninso nambala iliyonse ya m'chidule ndi ya m'matebulo. Ndipo dziwani kuti 300 ndi ya jenolo ino yokha: majenolo ambiri a zaumoyo amafuna chidule chogawidwa ndi timitu, ena amaika malire a mawu 250.

Za m'mphepete mwa tsamba n'zachangu. Thesisi kawirikawiri imakhala ndi mpata waukulu kumanzere chifukwa cha kumanga buku. Pepala la jenolo silimangidwa, choncho pitani pa `Layout`, `Margins`, musankhe `Normal`, yomwe imapereka masentimita 2.54 mbali zonse zinayi. Umenewu ndi mpata womwe APA imafuna, ndipo ndi wotetezeka pamene jenolo sinatchule nambala. Onani kukula kwa pepala: kuno timagwiritsa ntchito A4, ya mamilimita 210 ndi 297, koma majenolo ena a ku Amereka amafuna Letter, yomwe ndi yaifupi ndi yotambalala pang'ono, ndipo kusintha kumeneku kumatha kusokoneza matebulo aakulu. PLOS ONE imafuna mizere yotalikirana kawiri, manambala a masamba, ndi manambala a mizere opitirira osayambiranso patsamba lililonse: `Layout`, `Line Numbers`, `Continuous`. Ngati manambala akuyambiranso pakati, kapena mpata wa m'mphepete wasintha patsamba lina lokha, ndiye kuti thesisi inasiya `Section Break` penapake, makamaka pamene panali tebulo logonekedwa. Sankhani zolemba zonse ndi `Ctrl+A` musanasinthe. Mawu a m'munsi mwa tsamba jenoloyi siilola. Alowe m'ndime kapena achoke.

Ndime zonse zikakhazikika, ndi pamene mufike ku marefalensi. APA imatchula dzina ndi chaka m'ndime, ndipo mndandanda umatsata alifabeti. PLOS ONE imatsata kalembedwe ka Vancouver: refalensi iliyonse imalandira nambala potengera pamene yatchulidwa koyamba, ndipo nambalayo imalembedwa m'mabulaketi a ngodya, monga `[4]`. Apa ndi pamene pali msampha. Mukaika manambala pamanja kenako n'kusuntha ndime imodzi, kapena supavaiza n'kukuuzani kuti muonjezere refalensi imodzi koyambirira, manambala onse otsatira amalakwika. Chiganizo chonena za masikito chimayamba kuloza pepala la mankhwala ophera udzudzu, ndipo palibe chomwe chikuchenjezeni.

Onani mmene pepala limodzi lodziwika la 1953 limaonekera m'makalembedwe awiriwa, APA pamwamba:

```
Watson, J. D., & Crick, F. H. C. (1953). Molecular structure of nucleic acids: A structure for deoxyribose nucleic acid. Nature, 171(4356), 737–738.

1. Watson JD, Crick FHC. Molecular structure of nucleic acids: a structure for deoxyribose nucleic acid. Nature. 1953;171: 737–738.
```

Madontho a zilembo zoyamba za mayina achoka, chaka chasamukira kumapeto, ndipo chizindikiro cholumikiza mayina palibenso. Pali zina ziwiri zomwe chitsanzochi sichikuonetsa. APA imalemba olemba onse mpaka 20, pomwe PLOS ONE imalemba asanu ndi mmodzi oyamba kenako `et al.` Ndiponso dzina la jenolo limafupikitsidwa motsatira mndandanda wa majenolo wa bungwe la ku Amereka la NCBI, kotero kuti Malaria Journal imalembedwa `Malar J`. Musapeke nokha kufupikitsaku.

Ngati munagwiritsa ntchito Zotero, pulogalamu yaulere yosunga marefalensi, kusintha konseku n'kwa mphindi zochepa. Mu Word dinani `Document Preferences`, musankhe kalembedwe ka PLOS ONE, ndipo ngati sikakuoneka kapezeni kudzera pa `Manage Styles`. Chongani pomwe pakunena zofupikitsa mayina a majenolo, kenako dinani `Refresh`. Ngati marefalensi munalemba pamanja ndipo alipo 50, ndikulangizani kuti mupereke madzulo awiri kuwalowetsa mu Zotero pogwiritsa ntchito nambala ya DOI. Pepala likakanidwa mudzafunika kulisinthira jenolo ina, ndipo ounika akapempha zosintha manambala adzasunthanso.

Koma pulogalamu imangolemba zomwe munaipatsa, choncho pali zinthu zoti muone ndi maso. Fufuzani `, 20`, `(20`, `, 19` ndi `(19` m'pepala lonse. Mukapeza dzina ndi chaka zidakali m'mabulaketi, ndiye kuti imeneyo munailemba pamanja, kapena inabwera ndi ndime yomwe supavaiza anamata, ndipo ilibe nambala ngakhale mzere m'mndandanda. Werengani ziganizo zomwe zinkayamba ndi dzina la wofufuza. Ngati dzinalo linali mkati mwa refalensi, tsopano chiganizo chikuyamba ndi nambala yokha, ndipo muyenera kulemba dzinalo kutsogolo kwake. Kenako werengani mndandanda mzere ndi mzere. Malipoti a World Health Organization ndi a National Statistical Office ya ku Zomba ndi omwe amaonongeka kawirikawiri, chifukwa dzina la bungwe likalowetsedwa ngati la munthu, pulogalamu imalidula n'kutuluka `Organization WH`. Mu Zotero sinthani malo a dzinalo akhale bokosi limodzi, osati awiri. Onaninso mitu yolembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, ndi masamba osowa. Zomwe munthu anangokuuzani pakamwa, kapena zotsatira zomwe sizinasindikizidwe paliponse, PLOS ONE siilola kuti zikhale m'mndandanda.

Pomaliza werengani manambala kuyambira ndime yoyamba: `[1]` ayambe kuoneka, kenako `[2]`, osadumpha, ndipo nambala yaikulu kwambiri m'ndime ifanane ndi mzere womaliza wa mndandanda. Landirani zosintha zonse za `Track Changes` ndipo mufufute ndemanga za supavaiza. Jenolo ikapempha fayilo yopanda zolumikizira za pulogalamu, koperani fayilo ina n'kudina `Unlink Citations` pa kopeyo yokha, chifukwa mukatero manambala sasinthanso okha. Fayilo yolumikizidwa isungeni ndi dzina la jenolo ndi tsiku, pakuti ndi yomwe mudzatsegule ounika akayankha.