Musaitane okhawo amene maso akuwavuta

Pa nyengo ya kupima maso kwaulere, alangizi a zaumoyo ambiri akaimirira pa msonkhano wa m'mudzi akumanena kuti, "Agogo athu, amene simukuona bwino mubwere." Mawuwa akumveka aulemu, koma akutitayitsa anthu amene timafunitsitsa kuwapeza. Tsiku lopima likafika, pamzere pamakhala a ng'ala ndi ofuna magalasi owerengera basi. Amene ali ndi gulokoma, matenda owononga mtsempha wa diso, amatsala kunyumba, chifukwa iwo amadziona kuti ali bwinobwino, ndipo mlangizi wawauza yekha kuti uthengawu si wawo.

Ng'ala imadziulula yokha. Munthu amaona ngati pali chifunga, kenako pakati pa diso pamayera. Ngakhale achedwe, nthawi zambiri opaleshoni ya mphindi 20 kapena 30 imabwezeretsa kuona. Gulokoma ndi ina. Madzi a m'kati mwa diso satuluka bwino, mphamvu yake imakwera n'kumapanikiza mtsempha umene umatenga zithunzi kupita nazo ku ubongo. Mtundu wofala wa matendawa supweteka, diso silifiira, ndipo kunja limaoneka labwino. Kuona kumayamba kutha m'mbali, pang'onopang'ono, kwa zaka, pamene pakati pakuonabe. Diso linalo limabisanso vuto la linzake. Mtsemphawo ukafa sudzukanso. Palibe dontho, magalasi kapena opaleshoni imene ingabweze zimene zatayika. Chimene chingatheke ndi kuteteza zotsalazo, ndiye tsiku limene munthu wapezeka nawo ndi limene limanena kuti atsala ndi kuona kochuluka bwanji.

Mlimi wina wa zaka za m'ma 60 anamva uthenga wotere n'kunena kuti iye mzere wa mbewu amauona mpaka kumapeto a munda, nanga akatani kumeneko? Koma a m'banja mwake anali ataona kale kuti amagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa, ndipo munthu akamudzera m'mbali amadzidzimuka. Ankati ndi ukalamba. Pamene anakapimidwa, diso lakumanzere linali litatha, lakumanja likuona ngati munthu akusuzumira m'paipi. Bambo ake nawonso anachita khungu atakalamba, koma palibe anamufunsapo zimenezo.

Chizolowezi chonena kuti "ndi ukalamba" chatitopetsa, ndipo ife alangizi tisamachidyetse ndi mawu athu. Nenani zaka, osati vuto: aliyense amene wakwanitsa zaka 40 abwere, kaya akuona bwino kaya ayi. Kenako tchulani magulu mmodzimmodzi, mokweza, kuti munthu adzimve: odwala shuga, amene kholo kapena m'bale wawo wa bere limodzi anachita khungu, ndi amene akhala akudonthezera mankhwala ogula okha kwa miyezi. Ena mwa mankhwala oletsa kuyabwa ndi kufiira amakweza mphamvu ya m'diso akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda woyang'anira.

Musalonjezenso kuti kuwerenga tchati ndiye kupimidwa konse. Munthu wa gulokoma akhoza kuima pa mamita 6, kutseka diso limodzi, n'kuloza bwinobwino kumene miyendo ya chilembo cha E yaloza mpaka m'mizere ya pansi, matenda ali mkati. Auzeni kuti asachoke asanayezedwe mphamvu ya m'diso ndi kuunikidwa mtsempha. Mphamvuyo mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa chipangizo choyezera, koma ena mtsempha umawonongeka nambala ili m'malire omwewo, n'chifukwa chake kuunika m'kati sikudumphidwa. Wopatsidwa kalata yopita kuchipatala chachikulu apite ngakhale akumva bwino.

Zotsalazi zinenedwe msonkhano usanathe. Abwere ndi buku lawo la kuchipatala, magalasi akale ndi botolo la mankhwala alionse amene amaika m'maso. Kupimaku sikupweteka. Akadonthezedwa mankhwala okulitsa mwanadiso, amaona mwachimbuuzi ndipo kuwala kumawathobwa kwa maola angapo, choncho abwere ndi wowaperekeza ndipo asapalase njinga pobwerera. A mphumu ndi a vuto la mtima anene asanalandire madontho a gulokoma, chifukwa ena mwa madonthowa, otchedwa timololo, amatha kubanikitsa ndi kuchepetsa kugunda kwa mtima. Madonthowo ndi a tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse, ndipo sapangitsa munthu kuona bwino kuposa kale. Zimenezi zinenedwe poyera, apo ayi botolo loyamba likatha amasiya, n'kumati mankhwala sakugwira.