Momwe mungasandutsire lipoti lalitali la kafukufuku kukhala ndondomeko ya masilaidi ya mphindi 10

Munthu amene akulankhula modekha pamaso pa gulu amatchula mawu pafupifupi 120 mpaka 150 pa mphindi imodzi ngati akulankhula Chingerezi, ndipo m'Chichewa chiwerengerochi chimatsikirako chifukwa mawu athu ambiri ndi aatali. Izi zikutanthauza kuti m'mphindi 10 simungalankhule mawu opitirira 1,500. Lipoti la masamba 60, ngati tsamba lililonse lili ndi mawu pafupifupi 300, limakhala ndi mawu 18,000, choncho zimene mudzanene sizikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene munalemba. N'chifukwa chake kufupikitsa mutu uliwonse wa lipoti pang'onopang'ono sikuthandiza: mumatsala ndi zidutswa zambiri zimene palibe n'chimodzi chomwe chafotokozedwa mokwanira. Ntchito yeniyeni ndi kusankha mfundo imodzi yaikulu, kenaka n'kutenga m'lipotimo zokhazo zimene zikuichirikiza.

Kuti njirayi ioneke bwino, tiyerekeze kuti mwalemba lipoti la masamba 60 lofufuza chifukwa chimene odwala ena sabwerera kuchipatala pa tsiku limene anauzidwa. Manambala onse amene ali m'chitsanzochi ndi ongoyerekezera. Munatsata odwala 400, ndipo 120 mwa iwo sanabwere. Mutawafunsa, 66 anati anaiwala tsiku, 30 anati anasowa mayendedwe, ndipo 24 anapereka zifukwa zina. Amene adzakumvetsereni ndi akuluakulu oyendetsa chipatalacho.

Yambani ndi chiganizo chimodzi, kompyuta ili chitsekere

Tengani pepala, mulembe chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti omvera adzachikumbukire mawa lake. Chiganizochi chizinena zimene mwapeza komanso zimene mukufuna kuti zichitike. Mawu akuti “Kafukufuku wa odwala osabwerera kuchipatala” sakwanira, chifukwa ndi dzina chabe la nkhani ndipo palibe amene angagwirizane nawo kapena kuwatsutsa. Chiganizo choyenera chingakhale chakuti: “Oposa theka la odwala amene sanabwere anangoiwala tsiku, choncho chipatala chiyesere kuwakumbutsa pa foni.” Mukaona kuti chiganizo chotere chikukuvutani kulemba, dziwani kuti vuto silili pa masilaidi, koma kuti simunatsimikize zimene lipoti lanu likunena, ndipo muyenera kuwerenganso mutu wa zotsatira ndi wa malangizo.

Chiganizochi chimasintha malinga ndi omvera. Mukanakhala kuti mukulankhula kwa aphunzitsi oyesa ntchito yanu, funso lawo likanakhala lakuti kodi njira zimene munagwiritsa ntchito ndi zodalirika, ndipo mukanapereka nthawi yochulukirapo ku gawo limenelo. Oyendetsa chipatala akufuna kudziwa chochita.

Sefani lipotilo

Tsopano werengani lipoti lonse muli ndi cholembera, ndipo pa ndime iliyonse, tebulo lililonse ndi gilafu iliyonse, dzifunseni ngati chiganizo chanu chija chingagwe mutachotsa chinthu chimenecho. Zimene chiganizocho sichingaime popanda izo muziike chizindikiro chakuti zilowa. Zimene omvera angathe kufunsa koma sizofunika pa kufotokoza kwanu muziike padera, chifukwa zidzakhala masilaidi osungira. Zotsala zonse zikhale m'lipoti momwemo.

Apa m'pamene ambiri amamva kuwawa, chifukwa gawo limene linawadyera nthawi yaitali, lomwe kawirikawiri ndi kuunika zimene ofufuza ena analemba kale, ndi limene limadulidwa kwambiri. M'chitsanzo chathu, masamba 15 a gawo limeneli angasanduke chiganizo chimodzi chonenedwa pakamwa. Khama limene munaika pa gawo lina si chifukwa cholipatsira silaidi. Pa zotsatira, musapitirire ziwiri kapena zitatu, ngakhale lipoti litakhala ndi zisanu ndi zitatu.

Gawani masekondi musanawerenge masilaidi

Mphindi 10 ndi masekondi 600, koma konzekerani 540 okha, chifukwa pa tsikulo masekondi ena amathera pa kudikira pulojekita, kupuma ndi kulola anthu kuti aone gilafu. Mukagawa nthawi imeneyi, chiwerengero cha masilaidi chimadziwika chokha, ndipo nthawi zambiri chimakhala pakati pa 7 ndi 10.

Musatsate ndondomeko ya mitu ya lipoti. Lipoti limayamba ndi mbiri ya vuto n'kudzafika pa yankho kumapeto, ndipo zimenezi sizivuta wowerenga chifukwa akhoza kudumpha masamba kapena kubwerera m'mbuyo. Womvera sangatero. Ngati yankho lidzabwera pa mphindi yachisanu ndi chinayi, ndiye kuti kwa mphindi zisanu ndi zitatu akumva manambala osadziwa kumene akulowera, ndipo wotsogolera msonkhano akakudulani, mudzakhala pansi musananene chimene munabwerera. Ikani yankho pa silaidi yachiwiri. Ndondomeko ya chitsanzo chathu ingakhale motere:

1. Dzina la kafukufuku ndi la wolankhula (masekondi 15)
2. Oposa theka la odwala osabwera anaiwala tsiku, choncho tiyesere kuwakumbutsa (60)
3. Odwala 120 mwa 400 sanabwere pa tsiku lawo (60)
4. Tinatsata odwala 400 m'kaundula, kenaka tinafunsa amene sanabwere (60)
5. Mwa osabwera 120, okwana 66 anati anaiwala (90)
6. Amene anapatsidwa tsiku lakutali ndi amene anaphonya kwambiri (90)
7. Zotsatirazi ndi za chipatala chimodzi ndipo zachokera pa zimene odwala ananena okha (45)
8. Tikupempha chilolezo choyesera uthenga wokumbutsa kwa miyezi itatu (120)

Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chathunthu

Onani kuti palibe silaidi imene mutu wake ndi “Njira” kapena “Zotsatira”. Kupatula wa silaidi yoyamba, mutu uliwonse ukunena mfundo, ndipo ntchito ya zimene zili pansi pake ndi kupereka umboni wa mfundoyo. Kalembedwe kameneka, kamene Michael Alley wa ku yunivesite ya Penn State ku America amalimbikitsa kwa asayansi ndi mainjiniya, kali ndi ubwino wakuti kamakupatsani njira yodziyesera. Werengani mitu yokhayokha motsatizana, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Ngati ikumveka ngati nkhani imodzi imene munthu amene sanaone lipoti angaitsate, ndondomeko yanu yapsa. Mukapeza malo amene mukufunika kunena kuti “tisanapitirire, ndifotokoze kaye”, pamenepo pali mfundo imene yasowa kapena imene yakhala pamalo olakwika. Mutu umene uli ndi mfundo ziwiri zosadalirana ndi masilaidi awiri amene abisala m'modzi.

Mitu ikakhazikika m'pamene mungatsegule pulogalamu. Mu PowerPoint, pitani pa View n'kusankha Outline View, kumene mumalemba mawu okhaokha popanda kutengeka ndi mitundu ndi zithunzi. Mukadina Enter pambuyo pa mutu mumapeza silaidi yatsopano, Tab imasandutsa mzerewo kukhala mfundo ya pansi pa mutu, ndipo Shift+Tab imaubwezera.

Umboni umodzi pa silaidi imodzi

Tebulo la m'lipoti lisamakopedwe momwe lilili. Tiyerekeze kuti tebulo limene likuchirikiza silaidi yachisanu ndi chimodzi lili ndi mizere 12, yogawa odwala potengera zaka, mtunda ndi zina. Mfundo yanu ikufuna manambala awiri okha: mwa odwala 200 amene anapatsidwa tsiku la mkati mwa mwezi umodzi, 40 sanabwere, pamene mwa 200 amene anapatsidwa tsiku lopitirira mwezi, 80 sanabwere. Jambulani gilafu yatsopano ya mizati iwiri, wina wa 20 peresenti ndi wina wa 40 peresenti, ndipo mulembe manambalawo pa mizatiyo. Tebulo lonse lipite ku masilaidi osungira. Zilembo zisachepere saizi 24, ndipo mukayamba kuzichepetsa kuti mawu akwane, chimenecho ndi chizindikiro chakuti silaidiyo yanyamula zambiri. Mawu amene mudzalankhule muwalembe m'malo a Notes, osati pa silaidi, chifukwa anthu akamawerenga ndime yaitali amasiya kukumvetserani.

Samalani kuti kufupikitsa kusasinthe tanthauzo

Cholakwa chachikulu pa ntchito imeneyi sichioneka ndi maso, chifukwa silaidi yolakwika imaoneka yaudongo ngati inzake. Choyamba kutayika ndi chiwerengero chimene peresenti yachokera. Odwala 66 mwa 120 ndi 55 peresenti, ndipo n'kosavuta kulemba kuti “55 peresenti ya odwala amaiwala tsiku”. Chiganizo chimenechi n'chabodza, chifukwa 55 peresentiyo ndi ya amene sanabwere okha; mwa odwala onse 400, oiwalawo ndi 16.5 peresenti. Munthu mmodzi wodziwa masamu akazindikira zimenezi pamsonkhano, amayamba kukayikira masilaidi ena onse.

Chachiwiri kutayika ndi mawu ochenjeza. Lipoti lingakhale linanena kuti kuphonya kukuoneka kuti kukuyendera limodzi ndi kutalika kwa nthawi yodikira, koma pofuna mutu waufupi mungalembe kuti “Tsiku lakutali limachititsa odwala kuphonya”. Kafukufuku wanu sanatsimikize zimenezo, popeza n'kutheka kuti amene amapatsidwa masiku akutali ndi amene sakudwala kwambiri, ndipo sabwera chifukwa akupeza bwino. N'chifukwa chake mutu wa silaidi yachisanu ndi chimodzi ukungonena zimene zinaoneka, ndipo silaidi yotsiriza ikupempha kuyesera, osati kukhazikitsiratu. Kuti mudziteteze, lembani mu Notes tsamba la lipoti limene nambala iliyonse yachokera, kenaka muyerekeze mutu uliwonse ndi chiganizo chake cha m'lipoti.

Yesererani mokweza mawu

Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa pakamwa. Imirirani ndi kulankhula mokweza, mukugwiritsa ntchito Rehearse Timings imene ili pansi pa Slide Show, yomwe imasunga nthawi imene mwathera pa silaidi iliyonse. Yerekezani nthawiyo ndi imene munagawa. Kawirikawiri silaidi ya njira za kafukufuku ndi imene imafufuma, chifukwa ndi gawo limene wofufuza amalidziwa bwino kwambiri. Mukafika mphindi 12, musaganize zodzalankhula mothamanga. Chotsani mfundo yathunthu. M'chitsanzo chathu, silaidi yachisanu ndi chimodzi ndi imene ingachoke, chifukwa chiganizo chachikulu chikhoza kuima popanda iyo, pamene yachisanu ndi chiwiri, ngakhale ndi yaifupi, siyenera kukhudzidwa. PowerPoint ikakufunsani ngati isunge nthawizo, vomerani kuti muthe kuziona, koma muchotse chizindikiro pa Use Timings, kuopera kuti masilaidi angadzayambe kusintha okha pa tsikulo.

Silaidi imene mwachotsa musaifafanize. Isamutsireni kumapeto pamodzi ndi matebulo aja, muibise ndi Hide Slide, ndipo mulembe nambala yake papepala. Wina akadzafunsa ngati kutalika kwa nthawi yodikira kuli ndi gawo pa nkhaniyi, mudzangolemba nambalayo pa kiyibodi n'kudina Enter, ndipo silaidiyo idzaonekera.